Foni Yaduka Osakuuzani Chotsatira: Kalata Yoyenera Kulemba

Moni nonse amene mukuonera. Tiyerekeze kuti kampani imene munafunsirako ntchito yakuimbirani foni, mwacheza kwa mphindi 20, mwafotokoza za maphunziro anu, malipiro amene mukuyembekezera ndi tsiku limene mungayambe ntchito, kenaka wokuimbiraniyo wangoti, "Zikomo kwambiri, tikudziwitsani," n'kudula foni. Sanatchule tsiku, ndipo sananene ngati mudzaitanidwa kukaonana ndi mabwana pamaso ndi pamaso.

Musanalembe chilichonse, ndi bwino kudziwa amene munalankhula naye. Nthawi zambiri foni yoyambayi amaimba ndi munthu wa ku ofesi yoona za antchito, osati mkulu wa dipatimenti imene ikufuna munthu. Ntchito yake ndi kusefa: amaimbira anthu angapo, n'kulemba mwachidule za aliyense, kenaka n'kupereka mayinawo kwa mkulu uja, yemwe ndiye amasankha oti aitanidwe. Choncho akapanda kutchula tsiku, kawirikawiri n'chifukwa chakuti iye mwini sakulidziwa. Ndiye funso lakuti "Kodi mwanditenga?" n'losathandiza, pakuti mukufunsa munthu chinthu chimene alibe nacho mphamvu. Mufunseni chimene angathe kuyankha m'chiganizo chimodzi: gawo lotsatira ndi liti, ndipo likuyembekezeka tsiku lanji.

Titenge chitsanzo cha mayi wina amene anafunsira ntchito ya kalaliki wa zachuma. Amuimbira Lachiwiri m'mawa, ndipo pochezapo wokuimbayo watchula mongodutsa kuti dipatimentiyo imachedwa kutseka mabuku kumapeto kwa mwezi. Mayiyu sayenera kudikira sabata yonse. Alembe tsiku lomwelo masana, kapena Lachitatu m'mawa, maola 24 asanathe, dzina lake likadali m'mutu mwa wokuimbayo. Komanso asayambe imelo yatsopano. Ayankhe pa imelo yomwe ija imene anamuuzira nthawi ya foni, kuti wolandirayo asavutike kufufuza kuti ameneyu ndani.

[Pa kanema paoneke kalatayi]

"Bambo, ndikuthokoza chifukwa cha nthawi imene munandipatsa lero m'mawa pokambirana za ntchito ya kalaliki wa zachuma. Munatchula za kuchedwa kotseka mabuku kumapeto kwa mwezi. Kumene ndikugwira pano, ntchito yoyerekeza mabuku athu ndi sitetimenti ya ku banki ndimaichita ndine, ndipo ndingakonde kufotokoza zambiri za momwe ndimaichitira. Kodi mungandiuzeko gawo lotsatira, komanso nthawi imene mukuyembekeza kudziwitsa osankhidwa? Ngati pali chikalata china chimene chikufunika, nditumiza mwamsanga."

Taonani chiganizo chachiwiricho, pakuti ndicho mtima wa kalatayi. Kuthokoza aliyense amathokoza, koma kubwereza vuto limene linatchulidwa pa foni kumasonyeza kuti munamvetsera, ndiponso kumapatsa wokuimbayo mfundo yoti akanene kwa mkulu wa dipatimenti pokutchulani. Taonaninso zimene mulibe. Mulibe kupepesa kuti mukuwasokoneza, mulibe kudandaula kuti mwakhala nthawi yaitali pa ulova, ndipo mulibe kubwereza mbiri yanu yonse, imene ali nayo kale. Ena, poopa kuoneka amwano, amachulutsa maulemu mpaka funso lenileni limamira, wowerenga n'kuganiza kuti ndi kalata yongothokoza yosafuna yankho.

Nanga akapanda kuyankha? Werengani masiku asanu ogwira ntchito, osaphatikiza Loweruka ndi Lamlungu. Kwa mayi uja amene analemba Lachiwiri, ndiye kuti kalata yachiwiri ituluke Lachiwiri kapena Lachitatu la sabata yotsatira. Imeneyi ikhale ya ziganizo ziwiri zokha: kuti akadali ndi chidwi ndi ntchitoyo, ndi kufunsa ngati pali chimene chasintha. Kuimba foni tsiku ndi tsiku kapena kutumiza mauthenga usiku pa nambala ya munthuyo kumangoipitsa dzina lanu.

Ngati kwina akulonjezani ntchito ndipo akupatsani tsiku loti muyankhe, nenani tsikulo momveka, chifukwa zimenezi zikhoza kufulumizitsa zinthu. Koma musapeke nkhaniyi, poti akhoza kungokuyankhani kuti, "Pitani kumeneko, tikufunirani zabwino," inu n'kutsala manja ali m'khosi.

Yankho likabwera, liwerengeni mosamala. Lonena kuti "tikumana ndi mkulu wa dipatimenti Lachisanu" likusonyeza kuti nkhani ikuyenda, ndipo mudikire Lachisanulo lidutse musanafunsenso. Lonena kuti "ntchitoyi tayamba taiimitsa" likutanthauza kuti vuto silili pa inu, ndipo mungapemphe kuti akukumbukireni akadzaitsegulanso. Koma makalata awiri akapita, masabata atatu n'kutha kuli zii, musalembe yachitatu. Lembani tsikulo m'kabuku kanu, ndipo nthawi yanu ipite ku makalata ofunsira ntchito kwina.