Chimangirizo chimodzi, malikisi awiri: tichonge chathunthu kapena m'zigawo?

Zikomo amfumu, a komiti ya sukulu, makolo nonse ndi inu aphunzitsi anzanga. Nkhani imene mwandiitanira ndi ya dandaulo limene makolo mumabwera nalo nthawi yotsekera teremu. Mwana walemba chimangirizo, mphunzitsi uyu wampatsa malikisi ambiri, koma pepala lomwelo likagwa m'manja mwa mphunzitsi wina malikisi atsika. Ena mumati pali kukondera. Kukondera kumakhalapo ndithu, koma nthawi zambiri gwero lake ndi kachongedwe, ndipo ndi pamenepo ndikufuna tikhalitsepo.

Masamu a kuphatikiza savuta, yankho ndi limodzi. Zovuta ndi ntchito zimene mwana amalemba za m'mutu mwake, monga chimangirizo, kalata kapena lipoti. Pochonga zotere pali njira ziwiri. Ina ndi kuchonga chathunthu: mphunzitsi awerenga pepala lonse kamodzi, naliweruza lonse pamodzi, n'kulemba nambala imodzi. Ina ndi kuchonga m'zigawo: malikisi agawidwiratu, akuti a mfundo, akuti a kasanjidwe ka ndime, akuti a chiyankhulo, akuti a masipelo ndi zizindikiro za m'kalembedwe, ndipo pomaliza aphatikizidwa. Alimi a fodya izi mukuzidziwa. Amene wasankha fodya zaka zambiri amangogwira tsamba n'kudziwa mulu wake, pomwe wongoyamba kumene amafunika kumuuza kuti ayang'ane mtundu, kenako kutalika, kenako ngati tsamba lang'ambika.

Tikamati malikisi ndi odalirika tikutanthauza chinthu chimodzi: pepala lomwelo likachongedwa ndi munthu wina, kapena ndi munthu yemweyo tsiku lina, malikisi asasinthe kwambiri.

Vutoli si la kwathu kuno kokha. Mu 1961, ku Amereka, a Paul Diederich ndi anzawo awiri anatenga zimangirizo 300 za ophunzira ongoyamba kumene koleji n'kuzipereka kwa anthu 53 ophunzira bwino, pakati pawo aphunzitsi, maloya, akonzi a nkhani ndi akuluakulu a bizinesi. Sanawapatse malangizo a kachongedwe. Anangoti aliyense aike mapepalawo m'magiredi 9. Magiredi 9 sitiwadabwa, ndi mmene zotsatira za MSCE zimatulukira. Zimene anapeza n'zoopsa. Pa mapepala 100 alionse, 94 analandira magiredi osiyana 7 kapena kuposa. Panalibe pepala ngakhale limodzi limene linalandira magiredi osiyana ochepera 5. Atafufuza chifukwa chake anaona kuti anthuwo sanali osasamala ayi, koma aliyense ankasaka chake. Wina ankatsata mfundo, wina kasanjidwe, wina kasankhidwe ka mawu, wina zolakwika za kalembedwe, wina kukoma kwa nkhani. Kuchonga chathunthu popanda kugwirizana kaye pa chimene mukusaka kumabala zimenezo.

Tiyeni tiyerekeze ndi kalasi yathu. Ana a Sitandade 8 alemba chimangirizo pa mutu wakuti "Tsiku limene mtsinje unasefukira", malikisi onse 20. Mwana wina walemba nkhani yamoyo. Wafotokoza madzi akulowa m'khola usiku, amayi ake akunyamula thumba la ufa pamutu, mbuzi ikulira pa chulu. Koma masipelo ndi oipa, mipumiro palibe, ndipo zilembo zake n'zovuta kuwerenga. Mphunzitsi woyamba wakopeka ndi nkhaniyo, wapereka 15. Wachiwiri diso lake lagwera pa zolakwika, cholembera chofiira chadzaza tsamba, wapereka 8. Kusiyana ndi malikisi 7. Kwa mmodzi mwanayu wakhoza bwino, kwa winayo walephera.

Tsopano aphunzitsi omwewo tiwapatse zigawo: mfundo 8, kasanjidwe 4, chiyankhulo 5, masipelo ndi zizindikiro 3. Woyamba uja apereka 7 pa mfundo, 3 pa kasanjidwe, 3 pa chiyankhulo, 1 pa masipelo, zonse 14. Wachiwiri apereka 6, 3, 2 ndi 0, zonse 11. Kusiyana kwatsika kufika pa 3. Taonani chimene chachitika. Wachiwiriyu masipelo akumupwetekabe mtima, koma mkwiyo wake wamangidwa, sungadye malikisi opitirira 3. Woyambayo naye wakakamizidwa kuona zolakwika zimene anazilumpha. Sikuti aphunzitsiwo asintha maganizo, koma kulemera kwa chinthu chilichonse kwaikidwiratu, sakukusankhanso aliyense payekha.

Ndiye kuchonga m'zigawo kumapambana pa mapepala otere, amene mbali ina ndi yamphamvu ina yofooka. Ana athu polemba Chingerezi ambiri ali choncho: mfundo ali nazo, chiyankhulo ndicho chikuwatsalira. Kumapambananso pamene ochonga ndi atsopano pa ntchito, kapena ndi ambiri ndipo sanakhalepo pansi limodzi. Komanso kholo likafunsa kuti mwana wanga watayira pati malikisi, mphunzitsi amakhala ndi choloza.

Koma ndisakunamizeni kuti zigawo ndi mankhwala a zonse. Tengani mwana wachiwiri. Iye analoweza chimangirizo cha "Ulendo wanga wa ku Lilongwe" kuchokera kwa mkulu wake, ndipo wachilemba chonse mwaukhondo, mawu oti mtsinje wangowaponyamo kamodzi. Pa mfundo alandira 0. Koma kasanjidwe 3, chiyankhulo 5, masipelo 3, zonse 11. Wadutsa theka osayankha funso, ndipo wafanana ndi mwana wolemba za mbuzi pa chulu uja m'manja mwa mphunzitsi wachiwiri. Aphunzitsi onse akhoza kugwirizana pa 11 ameneyo, koma kugwirizana pa chinthu cholakwika si chilungamo. Wochonga chathunthu akanaona msanga kuti pepalali silinayankhe. N'chifukwa chake pogwiritsa ntchito zigawo pamafunika lamulo lapamwamba, lakuti wolemba kunja kwa mutu asapitirire malikisi akutiakuti.

Vuto lina ndi lobisika. Mphunzitsi amawerenga ndime yoyamba, mumtima n'kugamula kale kuti ili ndi pepala la 12, kenako n'kumagawa 12 ameneyo m'mabokosi. Pamenepo zigawo zangokhala zokongoletsa. Mungazindikire bwanji? Yang'anani mndandanda wa malikisi. Ngati mwana aliyense wokwera pa mfundo wakweranso pa zigawo zonse, ndipo wotsika watsika ponse, popanda ndi mmodzi yemwe wosiyana, dziwani kuti zigawozo sizikuweruzidwa pazokha. Ana enieni sakhala osalala choncho.

Palinso kuunjikana pakati. Pa chigawo cha malikisi 4, mphunzitsi amaopa kupereka 0 kapena 4, amangozungulira pa 2 ndi 3. Akatero pa zigawo zonse, kalasi yonse imapezeka pakati pa 9 ndi 14. Aphunzitsi amaoneka ngati akugwirizana, koma n'chifukwa chakuti palibe amene akusiyanitsa mwana waluso ndi wapakati.

Bambo kumbuyoko mwafunsa kuti nanga bwanji osangosiyiratu kuchonga chathunthu. Funso labwino, bambo. Yankho lake lili pa nthawi. Tiyerekeze kalasi ya ana 80. Tinene kuti kuchonga m'zigawo kukutenga mphindi 6 pa pepala, chathunthu mphindi 2. Mphunzitsi mmodzi wa zigawo atha mphindi 480, maola 8. Aphunzitsi atatu owerenga chathunthu, aliyense mapepala onse 80, atha mphindi 160 aliyense, pamodzi 480 zomwezo. Nthawi ndi imodzi, koma pepala lililonse laonedwa ndi anthu atatu. Mwana wa kusefukira kwa mtsinje uja akalandira 15, 8 ndi 13, tiphatikiza n'kugawa patatu, apeza 12. Kuuma mtima kwa mmodzi kwafewetsedwa ndi kufatsa kwa wina. Ku Mangalande, a James Britton ndi anzawo anayesa zimenezi pa zimangirizo za mayeso, ndipo mu 1966 anaonetsa kuti malikisi ophatikiza a anthu angapo owerenga mwachangu anali odalirika kuposa a munthu mmodzi wochonga motsata ndondomeko ya mayesowo. Ine pa nkhani ya giredi yomaliza ndimaima pamenepa: maso atatu achangu amaposa diso limodzi lodekha.

Koma pali zoyenera kuchita kuti zimenezi zitheke, ndipo zikasowa tibwerera ku chisokonezo cha 1961 chija. Ochonga asanayambe akhale pansi, asankhe mapepala asanu kapena asanu ndi limodzi a m'kalasi momwemo, kuyambira lofooka mpaka lapamwamba, akambirane mpaka agwirizane malikisi a lililonse. Mapepala amenewo akhale patebulo nthawi yonse. Pepala latsopano likabwera, funso likhale lakuti likufanana ndi liti mwa awa. Munthu amaweruza bwino poyerekeza zinthu ziwiri kusiyana ndi kutchula nambala ya m'mutu. Maina a ana aphimbidwe. Malikisi alembedwe pa pepala lapadera, chifukwa wachiwiri akaona 15 wa mnzake, dzanja lake limakokeka kupita komweko, ndipo mumakhala ndi wochonga mmodzi m'malo mwa atatu. Mulu wa mapepala usakanizidwe usanapite kwa wina, pakuti pepala lapakati likatsatana ndi labwino kwambiri limaoneka loipa, ndipo la nambala 70 limapeza mphunzitsi atatopa.

Ndikudziwa kuti masukulu ambiri alibe aphunzitsi atatu a phunziro limodzi. Ngati muli nokha, aphunzitsi, ndipo palibe wokuthandizani, gwiritsani zigawo, koma zikhale zochepa, zitatu kapena zinayi, ndipo pa chigawo chilichonse mulembe m'mawu chimene chimapatsa malikisi apamwamba, apakati ndi otsika. Kungolemba kuti "mfundo 8" sikokwanira. Lembani kuti 7 kapena 8 ndi wa amene wayankha mutu, wapereka zochitika zomveka ndi kuzifotokoza mokwanira. Ntchito za mkati mwa teremu, zimene cholinga chake n'chakuti mwana adziwe pokonza, zimafunanso zigawo. Mwana akaona 1 pa masipelo ndi 7 pa mfundo, amadziwa pogwira. Akangoona 12 sadziwa kanthu.

A komiti, mukafuna kudziwa njira imene ikuyenda bwino pasukulu panu, simufunika katswiri wochokera kutali. Pemphani ahedi atenge mapepala 20, aphimbe maina. Aphunzitsi awiri achonge 10 oyamba chathunthu, aliyense payekha, ndipo 10 enawo m'zigawo. Pa pepala lililonse lembani kusiyana kwa malikisi awo. Ngati mmodzi ali pansi pa mnzake ndi malikisi 2 kapena 3 pa mapepala onse, vuto ndi laling'ono: ndi wouma dzanja chabe, ana akuwasanja mofanana, ndipo mapepala achitsanzo aja akhoza kuwayandikitsa. Koma ngati pano ali pamwamba ndi 5, apo ali pansi ndi 4, ndiye kuti akusaka zinthu zosiyana, ndipo afunika kukhala pansi ndi zigawo zolembedwa asanachongenso mayeso ena. Pepala lililonse limene asiyana ndi malikisi opitirira 3 pa 20, makamaka la mwana amene ali m'malire a kukhoza ndi kulephera, lipite kwa wachitatu amene sanaone malikisi a awiriwo.

Mayi apo mwakweza dzanja, funsani.