Cholinga cha maindifulunesi si kuletsa maganizo

Zikomo amayi ndi abambo. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino. Ndiyambe ndi funso: ndani pano anayesapo kukhala phee, n'kutsinzina kuti mutu uleke kuganiza, koma zinakanika? Manja ambiri ndithu, tsitsani. Ambiri zikatere amati, "Ine izi sindingathe." Lero ndikufuna muone kuti simunalephere, kungoti munauzidwa cholinga cholakwika.

Mawu akuti maindifulunesi ndi achingelezi. Tanthauzo lake ndi kukhala tcheru mwadala ndi zimene zikuchitika panopa m'thupi ndi m'maganizo mwako, osathamangira kuziweruza. Mizu yake ili m'kusinkhasinkha kwa Abuda, koma njira imene ofufuza amayesa kwambiri inayamba mu 1979, pamene Jon Kabat-Zinn anatsegula maphunziro a masabata 8 pa sukulu ya zachipatala ya yunivesite ya Massachusetts ku Amereka. Ambiri mwa ophunzira ake anali odwala a ululu wosatherapo. Ankakumana kamodzi pa sabata, ndipo kunyumba aliyense ankayeserera mphindi 45 tsiku ndi tsiku. Sungani zimenezo, chifukwa tikati kafukufuku wapeza phindu, nthawi zambiri tikunena za maphunziro olemera chonchi, osati kutsinzina kamodzi pa mwezi.

Umboni wolimba kwambiri uli pa matenda ovutika maganizo, aja ena amati dipulesheni, makamaka pa kupewa kuti asabwerere. Akatswiri atatu, Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale, anadabwa kuti n'chifukwa chiyani munthu amene wadwalapo kangapo sachedwa kudwalanso, ngakhale popanda tsoka lalikulu. Iwo anati pa kudwala kulikonse, chisoni chimazolowera kuyendera limodzi ndi maganizo odzinyoza. Pamapeto pake kukhumudwa pang'ono, kumene tonsefe timakhala nako, kumadzutsa gulu lonse la maganizo aja.

Tiyerekeze mayi wina amene wadwalapo katatu, koma pano ali bwino. M'mawa watumiza uthenga pafoni kwa mnzake. Dzuwa lapendeka, yankho palibe. Ganizo loyamba likuti, "Ndamulakwira." Lachiwiri, "Anthu onse amatopa nane." Lachitatu, "Basi, matenda aja abweranso." Pachifuwa palemera, usiku tulo sitikubwera, mawa lake sakutuluka m'nyumba. Taonani, chimene chachitika ndi chimodzi chokha: uthenga sunayankhidwe. Zina zonsezo zamangidwa m'mutu, koma iye akuzimva ngati zoona zenizeni.

Tsono amene anaphunzira maindifulunesi amatani zikatere? Pali kachitidwe ka mphindi 3 kamene amaphunzitsidwa. Mphindi yoyamba amaima n'kudzifunsa kuti pakali pano mukuchitika chiyani mwa ine. Amatchula chilichonse ndi dzina lake: pali ganizo lakuti anthu amatopa nane, pali mantha, pachifuwa pakulemera. Mphindi yachiwiri amaika chidwi chonse pa mpweya, mmene ukulowera ndi kutulukira, osausintha. Mphindi yachitatu amakulitsa chidwicho kuti chifike thupi lonse, mapewa, nkhope, mapazi pansi, kenako amasankha chochita.

Mvetserani kusiyana kwa mawu awiriwa: "Anthu amatopa nane," ndi "Ndili ndi ganizo lakuti anthu amatopa nane." Oyambawo ndi chigamulo. Achiwiriwo ndi chinthu chimene chafika m'mutu, ndipo chingathe kupita. Ganizo silinachoke ayi, mayi uja mwina akadali wokhumudwa. Koma waona chiyambi cha msewu umene amaudziwa bwino, ndipo ali ndi mpata wosaulowa. Angathe kudikira mawa, angathe kuimba foni, angathe kungopitiriza ntchito yake. Kwa ine apa ndiye pagona nkhani yonse.

Nanga zinayesedwa? Inde. Mu 2000, Teasdale ndi anzake anafalitsa zotsatira za anthu 145 amene anali atachira, omwe anawatsatira kwa masabata 60. Pakati pa amene anadwalapo katatu kapena kupitirira, mwa osaphunzira, 66 pa 100 alionse anadwalanso. Mwa ophunzira, anali pafupifupi 40. Koma kwa amene anadwalapo kawiri kokha, phindu silinaoneke. Ndiponso 40 pa 100 si ochepa, choncho si katemera.

Eee, mayi kutsogoloku mukuti chiyani? Akufunsa kuti ndiye munthu angasiye mankhwala? Funso labwino, zikomo mayi. Mu 2015 ku Britain, Willem Kuyken ndi anzake anayerekeza njira ziwirizi pa anthu 424 kwa zaka 2. Mwa ophunzira maindifulunesi, amene ankathandizidwanso kuchepetsa mankhwala, 44 pa 100 anadwalanso. Mwa opitiriza mankhwala, 47. Kusiyana kotere n'kochepa moti sitinganene kuti ina inaposa inzake. Ndiye ndi njira inanso yosankha, koma anthu aja ankachepetsa mankhwala pang'onopang'ono, madokotala awo akuwayang'anira. Chonde, pasapezeke wina wotaya mapiritsi ake chifukwa cha zimene ndalankhula pano.

Tibwerere kwa inu munakweza manja. Mukakhala pansi kuti mutsatire mpweya, posakhalitsa maganizo athawira ku ngongole, kwa mwana wodwala, ku mkangano wa dzulo. Ubongo umatero mwa aliyense, ngakhale mwa amene ayeserera zaka zambiri. Nthawi imene mwazindikira kuti ndachoka, n'kubwerera ku mpweya osadzikalipira, pamenepo ndiye mwachita ntchitoyo. Maganizo akathawa ka 30 inu n'kubwerera ka 30, mwayeserera ka 30. Luso lomwelo ndi limene mayi wa uthenga uja anagwiritsa ntchito. Ngati mukufuna kudziwa kuti zikuthandiza, musayang'ane ngati munamva kukoma mutakhala pansi. Yang'anani masana ntchito ili m'kati: kodi mukuzindikira msanga kuti mkwiyo kapena nkhawa yayamba, musanalankhule mawu oti mudzanong'oneze nawo bondo?

Ena amati maindifulunesi ndi mankhwala a zonse. Ayi. Mu 2014, Madhav Goyal ndi anzake a ku yunivesite ya Johns Hopkins anaunika kafukufuku 47. Anapeza kuti nkhawa, kuvutika maganizo ndi ululu zimachepako, koma pang'ono kapena mwapakatikati, ndipo sanapeze umboni woti njirayi imaposa masewera olimbitsa thupi kapena chithandizo china chodziwika. Mu 2022 kafukufuku wa m'sukulu 84 za ku Britain, wa ana oposa 8,000, sanapeze kuti ana ophunzitsidwa maindifulunesi m'kalasi anali bwino kuposa anzawo. Ambiri mwa anawo sankayeserera n'komwe kunyumba.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kumva munthu wozunzidwa kunyumba kapena wopanikizidwa ku ntchito akuuzidwa kuti, "Ingopumani mpweya, muvomereze." Kuvomereza kumene amaphunzitsa ndi kuvomereza kuti panopa ndikumva ululu, osadzinamiza. Sikutanthauza kulola kuti chokupwetekacho chipitirire.

Komanso si aliyense amene kukhala chete kumamuyanja. Willoughby Britton wa ku yunivesite ya Brown wafufuza za anthu amene kusinkhasinkha kunawaonjezera mantha, kuwasowetsa tulo, kapena kuwadzutsira zoopsa zakale. Ngati munadutsa m'zoopsa ndipo mukatsinzina mtima ukugunda kwambiri, kapena mukumva ngati thupi si lanu, tsegulani maso, pondani pansi molimba, tchulani zinthu zimene mukuona m'chipindamo, ndipo musakakamire. Kalankhuleni ndi wachipatala kapena mlangizi wodziwa za matenda a maganizo musanayesenso. Chimodzimodzi ngati matendawo ali pachimake panopa, kapena mukuganiza zodzipha: pitani kuchipatala lero lomwe, zotsinzinazi zidikire.

Tsopano amene akufuna, tiyese mphindi 3 zija limodzi. Amene simukufuna kutsinzina, ingoyang'anani pansi.