Kalaliki watsopano ndi peyisilipi yake yoyamba

Zikomo amfumu potipatsa bwaloli. Amayi, abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, sunthirani kuno chifukwa nkhaniyi ndi yanu.

Sabata yathayi makolo angapo akhala akudandaula kuti ana awo amene angoyamba ntchito akulandira ndalama zosiyana ndi zimene zinalembedwa m'kalata yowalemba ntchito. Ena afika poganizira anawo kuti akubisa ndalama. Tisanayambane m'nyumba, mvetserani za mtsikana wina amene analembedwa ukalaliki pa kampani ina m'tauni mu 2024. Dzina lake ndi la kampaniyo tizisiye.

Kalata yake inati malipiro ndi K300,000 pamwezi, popanda alawansi ina iliyonse. Mwezi utatha foni inalira, uthenga wa ku banki: K217,500. Mtima unagunda, koma anzake mu ofesi anangoti, "Ndi msonkho umenewo, uzolowera." Masana anamupatsa kapepala kopindidwa, peyisilipi. Ambiri a inu kapepala kameneka mumakulungira mandasi, kapena kamathera m'thumba la buluku n'kuchapidwa nako. Musataye peyisilipi. Ndibwerezanso mawu amenewa kangapo lero, mundipirire.

Iye sanataye. Usiku atadya anayala kapepalako pa mphasa pambali pa kalata ija, n'kutenga cholembera ndi kakyuleta ya pa foni. Pamwamba panalembedwa Basic Pay, K300,000. Apo zinagwirizana ndi kalata. Kenako mzere wa PAYE, umene ndi msonkho umene abwana amadula n'kupereka ku MRA, K37,500. Anafuna kudziwa ngati ndi zoona. Kuyambira Epulo 2024, K150,000 yoyamba inali yosadulidwa msonkho, ndipo ndalama yopitirira pamenepo mpaka K500,000 inkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. Ndiye pa K300,000 yake anachotsa K150,000, inatsala K150,000, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama imeneyo ndi K37,500. Msonkho unali wolondola ndithu. Malire amenewa boma limawasintha pa bajeti, choncho inu powerengera zanu mufunse malire a chaka chimenecho, musangotenga awa ndatchulawa.

Vuto linali pa mzere wotsatira, wolembedwa Pension. Panali K45,000.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhazikike. Lamulo la penshoni m'dziko muno limati wantchito azisonkha K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo wolemba ntchito aziikapo K10 pa K100 kuchokera m'thumba la kampani. Kuphatikiza ndi K15 pa K100, inde, koma ya inu ndi K5 yokha. Pa K300,000, gawo la mtsikanayu linayenera kukhala K15,000, la kampani K30,000. Kuphatikiza ziwirizi mupeza K45,000 yomwe ija. Mwaona chinachitika? Wokonza malipiro, polowetsa dzina la munthu watsopano mu kompyuta, analemba 15 pamalo pofunika 5, ndipo mtsikanayu analipira gawo lake ndi la abwana lomwe. Amayenera kulandira K247,500, analandira K217,500. Yosowa K30,000.

Ndipo kompyuta siidzikonza yokha. Nambala ikalowa molakwika mwezi woyamba, imabwereza mwezi uliwonse mpaka wina aione. Pa chaka ikanakhala K360,000, kuposa malipiro ake a mwezi wathunthu. N'chifukwa chake peyisilipi yoyamba ndi imene muyenera kuiwerenga ndi maso awiri. Musataye peyisilipi, makamaka yoyamba.

Ndipatukeko pang'ono. Mayi akamagula chimanga pa msika, amaima pomwepo kuyang'ana ngati chigoba chadzaza, amagogoda ndowa kuona ngati sinaphwanyidwe pansi. Koma mwana wawo yemweyo, wa satifiketi ya Fomu 4, alandira malipiro a mwezi wonse osayang'ana mzere ndi umodzi womwe. Achinyamata inu, zimenezi ayi. Mumatha maola pa foni, kakyuleta ili momwemo.

Eya mayi, mwakweza dzanja.

(Mayi wina: "Abambo, nanga mwanayo akakafunsa, sakamuchotsa ntchito? Ntchito zikusowa, ndipo iye wangoyamba kumene.")

Funso limenelo ndi limene lili mumtima mwa aliyense pano, mayi, ndipo sindikunamizani kuti mantha anuwo ndi opanda pake. Munthu akakhala pa nthawi yoyesedwa, ija amati pulobeshoni, lamulo limalola mbali iliyonse kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Ndiye kafunsidwe kake n'kofunika. Koma dziwaninso kuti lamulo la za ntchito la 2000 limalamula wolemba ntchito kupereka kwa wantchito, pa malipiro aliwonse, chikalata cholondola chosonyeza zimene walandira ndi zimene zadulidwa. Kufunsa za chikalata chimenecho si mwano. Lamulo lomwelo silivomereza kuti munthu achotsedwe ntchito chifukwa wakadandaula kuti abwana aphwanya lamulo.

Taonani mmene anachitira mtsikana uja. Sanapite kwa bwana wamkulu, sanalalate pa khonde, sanalembe pa gulu la WhatsApp la ku ntchito kuti kuno kuli akuba. Anadikira cha m'ma 10 koloko, anthu atachepa, n'kugogoda ku ofesi ya akaunti. Anati, "Pepani bambo, ndine watsopano, ndimafuna mundithandize kumvetsa mzere uwu. Ine ndikawerengera K5 pa K100 ndikupeza K15,000, koma apa pali K45,000. Kapena ndalakwitsa penapake?" Mawu otere amamupatsa munthu mpata wokonza osachita manyazi. Bambo aja anatsegula kompyuta, anayang'ana kanthawi, n'kuvomera kuti nambala inalowa molakwika. Nthawi zambiri, mayi, zolakwika za mtundu uwu zimakhala za chala, osati za mtima. Wakuba sakulembera umboni papepala n'kukupatsa m'manja.

Koma sanakhutire ndi "tikonza" wapakamwa. Tsiku lomwelo analemba kakalata kachidule, deti, mzere wolakwika, ndalama yake, n'kusiya kope imodzi ku akaunti, ina n'kusunga. Mwezi wotsatira anayang'ana zinthu ziwiri: penshoni yabwerera pa K15,000, ndipo K30,000 ija yabwezedwa pa mzere wakewake. Zonse zinalipo. Kampani ikanakana kapena kumangozengereza miyezi, njira yotsatira ndi ofesi ya leba ya pa boma, ndipo kumeneko chinthu choyamba chimene adzafunse ndi mapepala. Mukapita chimanjamanja mudzangobwerako. Musataye peyisilipi.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ana akubwera ku sukulu, ndiye ndithamange. Mukalandira kapepalako, onani dzina ndi nambala yanu ya ntchito ngati zili zanu. Basic Pay ifanane ndi kalata. Ngati munayamba pakati pa mwezi, werengani masiku, chifukwa malipiro oyamba amatha kuchepa pa chifukwa chimenecho ndipo si kulakwitsa. Werengerani msonkho, werengerani penshoni. Mzere wa ngongole kapena wa bungwe limene simunasainire, funsani. Net Pay pansi penipeni ifanane ndi uthenga wa ku banki. Pakapita miyezi, pemphani sitetimenti ku kampani yosunga penshoni yanu, muone ngati zodulidwazo zikufikadi pamodzi ndi gawo la abwana, chifukwa kudula n'kwina, kutumiza n'kwina. Jambulani kapepalako pa foni, chenichenicho muike mu envelopu pamodzi ndi kalata ya ntchito, kutali ndi chinyezi ndi chiswe.

Amene mwabwera ndi mapeyisilipi a ana anu, musachoke. Tikhala pansi pa mtengo wa mango uwo, mubwere mmodzimmodzi ndi kalata ya ntchito ngati muli nayo, tiwerengere limodzi. Zikomo amfumu.