Makalata a omvera: Apu ndinaifufuta, koma ndalama akudulabe

"Ndinalembetsa apu ina yophunzirira pa foni ya Android chifukwa ankati sabata yoyamba ndi yaulere. Patatha masiku atatu ndinaifufuta, koma mwezi ndi mwezi akundidula ndalama kubanki. Kodi si kuba kumeneku?" Atero mayi ena a ku Chilomoni.

Pepani mayi, koma kufufuta apu sikuthetsa mgwirizano. Tsiku lomwe munalemba nambala ya khadi lanu la kubanki lija, pansi pa batani panali timalemba ting'onoting'ono. Nthawi zambiri pamakhala mawu oti "renews automatically", kutanthauza kuti nthawi yaulere ikangotha ayamba kudula okha, ndipo azidulabe mpaka inuyo mutawaletsa. Ndiye chake anafuna khadi pa chinthu chimene ankati n'chaulere.

Ngati munalipira kudzera pa Play Store, tsegulani pomwepo, dinani kachithunzi kanu pamwamba, kenako "Payments & subscriptions", "Subscriptions", sankhani apuyo, ndi kudina "Cancel subscription". Mukamaliza jambulani uthenga wotsimikizira, chifukwa ndiwo mboni yanu akadzadulanso. Za miyezi yapitayi musayembekezere kwambiri, ambiri amalemberatu kuti zolipidwa kale sabweza. Ulendo wina muzikaona tsiku lomwe zaulerezo zikutha ndi kuletsa kukadali masiku awiri. A foni za iPhone, mwachitsanzo, amauzidwa kuletsa kusanatsale maola 24.

"Ndinayamba ndi mtengo wotsika, pano ndikulipira wokwera popanda wondifunsa. Amaloledwa kutero?" Awa ndi bambo a ku Mzuzu.

Bambo, simunatiuze mtengo wake uli mu ndalama yanji, ndipo nkhani yagona pamenepo. Ngati unalembedwa mu madola, mwina kampaniyo sinakweze kalikonse. Kumbukirani Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti: dola yomwe inali pafupifupi K1,180 inafika K1,700. Munthu wolipira madola 5 pamwezi anachoka pa K5,900 kufika pa K8,500, mgwirizano uli womwewo.

Ngati uli mu makwacha, bwererani ku mgwirizanowo. Mtengo wotsika uja mwina unali wokopera, wa miyezi itatu yoyamba yokha, weniweni atauika m'munsi. Fufuzaninso ndime ya kusintha kwa mtengo: akuti adzakudziwitsani masiku angati mtengo watsopano usanayambe, komanso kudzera kuti? Ambiri amatumiza imelo, ndipo ndani mwa ife amatsegula imelo tsiku lililonse? Ena amawonjezera kuti mukapitiriza kugwiritsa ntchito, ndiye kuti mwavomera.

Koma ngati ndi kampani ya konkuno ndipo inalonjeza kukudziwitsani koma sinatero, alembereni kalata, sungani kope lake ndi malisiti. Akapanda kuyankha, kadandauleni ku bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC, kapena ku MACRA ngati nkhaniyi ndi ya foni, intaneti kapena kanema.