Silaidi imodzi, zilankhulo ziwiri: momwe ndimakonzera phunziro la kutsegula m'mimba

(Kamera ili patebulo. Pali laputopu, mapaketi awiri a ORS ndi botolo la madzi la theka la lita.)

Muli bwanji nonse? Ndili kuno ku Lusaka, ndipo sabata yamawa ndikwera basi ya ku Katete kukaphunzitsa anthu odzipereka pa zaumoyo a m'midzi. M'chipindamo mudzakhala amayi ndi abambo oyankhula Chichewa, komanso anamwino awiri ndi mkulu wina wochokera kuboma amene amatsata bwino Chingerezi. Onsewa adzayang'ana khoma limodzi. Ndiye lero tikonze limodzi silaidi imodzi yokha, ya madzi a ORS ndi mapiritsi a zinki, mankhwala a mwana wotsegula m'mimba. Imeneyi mukaidziwa, zinazo n'kungobwereza.

Ndisanatsegule PowerPoint, ndimayamba ndi pepala, ndipo ndimalemba Chichewa poyamba. Ambirife timachita mosemphana. Timatenga masilaidi a Chingerezi amene tapatsidwa, n'kumapanikiza Chichewa m'kampata kamene katsala pansi. Zotsatira zake, amene phunzirolo ndi lawo amawerenga tizilembo tonga nyerere, pamene anamwino, amene nkhaniyi akuidziwa kale, ndiwo apatsidwa zilembo zikuluzikulu. Ine ndimadzifunsa kuti, ndikanakhala pansi pa mtengo ndi mayi wa mwana wodwalayo, ndikanamuuza chiyani? Chimenecho ndiye ndimalemba. Chingerezi chimabwera pambuyo kudzaperekeza.

Apa pali msampha wa ife a m'tauni. Chinyanja cha ku Matero kapena ku Chawama si Chichewa cha kumudzi ku Katete. Ife kuno timati manzi, kumeneko amati madzi. Kalembedwenso kamasiyana: mabuku a kuno amalemba Cinyanja ndi c yekha, a ku Malawi amalemba ch. Zonse n'zowerengeka, koma sankhani kamodzi ndipo musasinthe kuyambira silaidi yoyamba mpaka yomaliza.

(Sikirini ya laputopu ikuoneka.)

Pitani pa View, kenako Slide Master. Kumanzereku sankhani Two Content. Bokosi la kumanzere ndi la Chichewa, ndipo ndikulikoka kuti litenge magawo atatu mwa magawo asanu a silaidi. La Chingerezi likhale ndi awiri otsalawo. N'chifukwa chiyani osagawa pakati? Onani mzere uwu. Chingerezi chikuti "Mix one sachet in clean water". Chichewa chikuti "Sungunulani paketi imodzi m'madzi aukhondo". Mawu athu ndi ataliatali, amadya malo.

Zilembo za Chichewa ndaziika pa 28, za Chingerezi pa 20 ndipo n'zotuwirako pang'ono. Pochitira izi mu Slide Master muno, silaidi iliyonse yatsopano ya Two Content imabadwa itakhala kale chomwechi, simuvutika kukonza imodziimodzi.

Tsopano chinthu chimene chimandipsetsa mtima. Mawu akachuluka, PowerPoint imachepetsa yokha zilembo kuti zikwane m'bokosi, osakufunsani. Dinani bokosilo ndi batani la kumanja, sankhani Format Shape, pitani pa Text Options, Text Box, n'kuchonga Do not Autofit. Mawu akasefukira tsopano mudzawaona, ndipo mankhwala ake n'kudula mawu kapena kugawa silaidi pawiri, osati kuchepetsa zilembo. Timizere tofiira pansi pa mawu a Chichewa timachoka mukasankha mawuwo n'kupita pa Review, Language, Set Proofing Language, n'kuchonga Do not check spelling or grammar.

(Atseka Slide Master. Anyamula mapaketi awiri aja.)

Tifike pa manambala, pamene pagona nkhani yonse.

Tsiku lina ndinachita manyazi pamaso pa anthu. Usiku ndinakonza masiku omwera zinki mbali ya Chingerezi, ya Chichewa n'kuiwala. M'mawa mwake khoma likuti 14 uku, 10 uku. Mayi wina wachikulire anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, mwana wa mzungu ndi wa ife amwa mosiyana?" Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Zoona zake n'zakuti malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse amati masiku 10 mpaka 14, ndiye manambala onse awiri sanali abodza. Koma munthu wobwerera kumudzi amafuna nambala imodzi, ndipo imeneyo muitenge ku malangizo amene kiliniki ya kumeneko ikutsata.

Kuchokera tsiku limenelo, nambala ndimailemba malo amodzi okha. Onani tebulo ili la mizati itatu. Kumanzere Chichewa, kumanja Chingerezi, pakati nambala ndi chithunzi. Mzere woyamba: mwana wosakwana miyezi 6, pakati pali 10 mg ndi chithunzi cha theka la piritsi. Wachiwiri: wa miyezi 6 kupita m'tsogolo, 20 mg, piritsi lathunthu. Onse kamodzi pa tsiku. Ndikasintha pakatipa, ndasintha m'zilankhulo zonse ziwiri. Chithunzi cha theka chija n'choona pokhapokha ngati mapiritsi ake ndi a 20 mg, ndiye imbani foni kukiliniki mufunse amene ali nawo.

N'chimodzimodzi mapaketiwa. Iyi ndi ya lita imodzi. Iyi yaing'onoyi, monga ija ya m'phukusi la ORS ndi zinki lotchedwa Kit Yamoyo, ndi ya mamililita 200. Mukalemba "paketi imodzi mu lita imodzi" koma anthu ali ndi yaing'onoyi, madziwo adzakhala osukuluka. Akatenga yaikuluyi n'kuthira m'kapu imodzi, ndiye zoopsa kwambiri, chifukwa mchere udzachuluka n'kumuvulaza mwana. Ine ndimajambula ndi foni paketi yeniyeni imene akaigawe, n'kuika chithunzicho pakati.

Ndipo lita kumudzi amayeza ndi chiyani? Ndi botolo ili. Pansi pa "1 L" ndaika mabotolo awiri a theka la lita. Mzere womaliza ukuti madzi otsala atayidwe pakatha maola 24. Ku Chichewa ndalemba kuti, "Mukasungunula lero m'mawa, otsala mutaye mawa m'mawa."

Zakuti mwana amwe wochuluka bwanji akangochita chimbudzi, komanso zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala, zili pa masilaidi akeake. Pano sizingakwane.

(Panja, pakhonde. Laputopu ili pampando.)

Kuyesa kwake ndimachita chonchi. Ndaphimba mbali ya Chingerezi ndi pepala, ndipo ndaitana amalume anga amene anakulira ku Chadiza. Sindiwafunsa kuti "Mwamva, amalume?" chifukwa adzati eya pondilemekeza. Ndimawapatsa paketi, botolo ndi jagi, n'kunena kuti, "Amalume, tachitani zimene silaidiyi ikunena." Dzulo pamzere wa zinki ndinali nditalemba kuti "mpatseni mpaka masiku atakwana". Iwo anandifunsa kuti, "Nanga akasiya kutsegula pa tsiku lachitatu?" Anagwira pomwepo pamene makolo ambiri amalekezera. Ndinaonjezera kuti "ngakhale ataoneka kuti wachira", kenako n'kukaonjezeranso ku Chingerezi. Mukasintha mbali imodzi, inayo muikonze nthawi yomweyo musanaimirire pampando.

Kenako ndimabwerera m'mbuyo mapazi angapo. Ngati sikirini ya laputopu sindikutha kuiwerenga ndili apa, wokhala benchi ya kumbuyo m'kalasi lopanda makatani sadzaona kanthu. N'chifukwa chake ndimakonda zilembo zakuda pa zoyera, popeza mitundu yokongola ija dzuwa likawala m'chipindamo imazilala.

(Abwerera patebulo.)

Chatsala n'kulongedza. Ndisunga fayilo ya PowerPoint, ndi ina ya PDF imene zilembo zake sizisokonekera pa laputopu ya eni. Zonse ziwiri pafulashi ndi pafoni. Magetsi sindiwadalira, ndiye masilaidi a manambala ndikawasindikiza pa mapepala aakulu a A3 oti n'kumata pakhoma, ndi ena a A4 oti aliyense apite nawo kwawo. Botolo ndi mapaketi aja ndikuika m'chikwama pompano, ndingaiwale.