Ngodya yowerengera m'kalasi: madengu anayi ndi mapegi oyanikira zovala

Moni aphunzitsi anzanga kuno ku Harare, a ku Mufakose, ku Epworth, ku Mabvuku ndi kwina konse. Lero tikonze malo owerengera m'kalasi ya Giredi 2. Tiyerekeze kuti muli ndi ana 45 ndi mabuku 60.

[Kamera ionetse ngodya ya kalasi]

Sankhani ngodya yowala, kutali ndi chitseko, muyalepo mkeka. Madengu musawaike pansi. Sanjikani njerwa, ikanipo thabwa, madengu akhale pamwamba, apo ayi madzi okolopera ndi chiswe zikuonongerani mabuku.

Ku Mbare Musika gulani madengu anayi osazama. Mabuku aziima chikuto chikuyang'ana kutsogolo, chifukwa mwana wamsinkhu uwu amasankha buku poona chithunzi.

[Pafupi: dzanja likumata tepi]

Dengu lililonse likhale ndi mawu, chithunzi ndi mtundu wake. Lofiira ndi la nthano za Chishona, lobiriwira la Chingerezi chosavuta, lachikasu la nyama ndi zomera. Labuluu ndimalikonda kwambiri: ndi la Chichewa. Malamulo a dziko lino a 2013 amachiwerengera pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, koma mabuku ake ndi osowa. Choncho pemphani agogo a anawa akusimbireni nthano, muzilembe pamapepala, ana ajambule zithunzi, musoke ndi ulusi.

Tsopano dulani kachidutswa ka tepi ya mtundu wa dengulo, mumate pamsana pa buku lililonse, mulembepo nambala. Mwana woti sanayambe kuwerenga amadziwabe kuti chofiira chimabwerera kofiira.

[Pafupi: mapegi pachingwe]

Kubwereka kuli motere. Mwana aliyense ali ndi pegi yathabwa yolembedwa dzina lake, yopachikidwa pachingwe. Akatenga buku, amapana pegi yake pamlomo pa dengu limene watengamo. Akabweza, pegi ibwerere pachingwe. Pegi imodzi, buku limodzi. Asapite onse nthawi imodzi, alimbirana n'kung'amba masamba; gulu la ana asanu ndi anayi tsiku lililonse, pofika Lachisanu onse adutsamo.

Poweruka, onani madengu. Mukapeza dengu lofiira lili ndi mabuku 14 m'malo mwa 15 ndipo pegi imodzi idakali pamenepo, mwadziwa woti mumufunse. Kawirikawiri bukulo limapezeka pansi pa desiki lake.

Koma pegi siikuuzani kuti ndi buku liti. Nchifukwa chake mabuku opita kunyumba Lachisanu muziwalemba m'kope: dzina, nambala ya buku, tsiku. Nyengo yamvula, kuyambira Novembala, buku lizipita m'pepala lapulasitiki, ndipo libwere Lolemba.

Yang'aniraninso dengu limene silipanidwa pegi sabata yonse. Mabuku ake mwina ndi ovuta. Tengani limodzi, muwawerengere anawo mokweza, mulekezere pamene pakoma, mulibweze m'dengu ana akuona, kenako mawa lake muwerenge mapegi.