Uthenga Wokumbutsa Amene Atsalira pa Zopereka za Gulu

Zikomo apampando. Amayi ndi abambo, ndakuonani nonse, ndipo amene mwatsika kuchokera ku Domwe ndi Tsangano mwagwira ntchito. Amlembi a gulu lina losunga ndi kubwereketsana ndalama la kuno ku Ulongwe andipatsa chilolezo kuti ndiwerenge uthenga umene anatumiza pa foni kwa mamembala awo, kuti tiukonze pamodzi. Musawaseke chonde, chifukwa inenso chaka changa choyamba cha ulembi ndinkalemba chonchi. Uthengawo ukuti:

"Anthu inu simukumva. Tatopa nanu. Amene simunapereke mupereke msanga, apo ayi muona. Mayina anu tikuwadziwa."

Mwaseka ndithu! Koma amlembiwa sanapse mtima popanda chifukwa. Gulu lawo lili ndi anthu 20, amakumana Lachinayi lililonse, ndipo anagwirizana kuti aliyense azigula sheya imodzi kapena kuposa, ya mametikali 50, n'kuponyanso 10 m'thumba la ngozi. Anthu 6 akhala milungu itatu osaponya kanthu. Werengani nane: anthu 6, milungu itatu, 50 aliyense, ndi mametikali 900 amene sanalowe m'bokosi. Tsiku lobwereketsa, mayi ena anapempha 3,000 kuti aonjezere pogula feteleza wobereketsa, m'bokosi munapezeka 2,100 basi. Chimanga sichidikira kuti anthu akumbukire. Mayiwo anabwerera kwawo nkhope ili gwa, ndiye amlembi anatenga foni mtima uli m'mwamba.

Tsono tauonani uthengawo. Munthu akauwerenga, akudziwa kuti apereke zingati? Ayi. Liti? Akuti msanga, koma msanga wa ine ndi mawa, msanga wa mnzanga ndi akagulitsa mbatatesi. Nanga "muona" uja, aona chiyani? Apa ndi pamene ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa mawu amenewa ndi amene amapha mphamvu ya mlembi. Ukaopseza ndi chinthu chimene sichili m'malamulo a gulu, Lachinayi limafika, palibe chimene chachitika, ndipo anthu aphunzira kuti amlembi amangobwebweta. Ulendo wotsatira ngakhale ulembe zoona, sakumvanso. Chinanso, uthengawu unapita kwa anthu onse 20. Anthu 14 amene amapereka mokhulupirika anauzidwanso kuti "simukumva". Agogo ena anafika pa msonkhano ndi kabuku kawo m'manja, akuonetsa zidindo, akufunsa kuti alakwa chiyani.

Ena mwa inu vuto lanu ndi losiyana ndi limeneli, mumafewa mopitirira. Mumalemba kuti, "Pepani kukuvutitsani, ngati mungakwanitse muyesetseko." Pamenepo mwamuuza munthu kuti kupereka ndi kufuna kwake, ngati chopereka cha pamaliro. Mukupepesa chiyani? Ndalamazo si zanu, ndipo lamulolo simunalipange nokha.

Tsopano imvani umene takonza. Uwu ukupita kwa munthu mmodzi payekha, m'modzi mwa 6 aja:

"Mayi, muli bwanji kunyumbako? Ndine mlembi wa gulu lathu. M'kaundula mukuoneka kuti mwatsalira milungu itatu: masheya 150, thumba la ngozi 30, chindapusa 60, zonse pamodzi mametikali 240. Mubwere nazo Lachinayi likubwerali pa msonkhano, 2 koloko masana. Monga tinagwirizana tonse, wotsalira milungu inayi sabwereka mpaka atamaliza. Ngati pali vuto, kapena ngati ndalakwitsa powerengera, onanani ndi ine kapena apampando lisanafike Lachinayi. Zikomo."

Mwamva kuti mulibe mawu aukali ngakhale amodzi, komatu ndi wolimba kuposa woyamba uja. Kulimba kwake kuli m'manambala ndi tsiku. Ndalama tazigawa patatu dala. Ukangolemba kuti 240, munthu amayamba kutsutsa kuti yachokera kuti, koma akaona kuti 60 ija ndi chindapusa cha 20 pa mlungu kwa milungu itatu, amatsegula kabuku kake n'kudziwerengera yekha. Ndipo lembani mawu oti mametikali. Ife kuno tili pafupi ndi malire, ambiri timagulitsa nyemba ndi kabichi ku mbali ya Dedza ndi Lizulu, m'thumba mumakhala makwacha. Munthu akabwera ndi makwacha pa msonkhano, theka la ola limatha mukukangana za mtengo wosinthira. Asinthiretu yekha.

Mawu amene ndimawakonda kwambiri mu uthengawu ndi akuti "monga tinagwirizana tonse". Mawu amenewa amachotsa mlandu pamutu pa mlembi n'kuuika pa pepala la malamulo, limene mayi yemweyo anasainapo kapena kudindapo chala. Koma samalani, lembani chilango chokhacho chimene chilidi m'malamulo a gulu lanu. Gulu ili lawo ndi milungu inayi, lanu mwina ndi lina. Ngati simunagwirizanepo chilichonse pa za otsalira, musapeke chilango pa foni usiku. Dikirani msonkhano, mukambirane, mulembe, kenako muzikumbutsa.

Chiganizo chomaliza chija, cha "ngati pali vuto", ena amati chimafooketsa uthenga. Ine ndimakana. Mwa anthu 6 otsalira, si onse ozemba. Wina ali ndi mwana kuchipatala, ndipo akuchita manyazi kubwera chimanjamanja, ndiye akungojomba, chindapusa n'kumakwera. Ameneyu thumba la ngozi lija linapangidwira iyeyo. Koma onani kuti sitinalembe kuti tikukhululukirani. Mlembi alibe mphamvu yochotsa chindapusa payekha, ndi gulu lonse limene limagamula bokosi lili pakati. Ndipo pamene tati "ngati ndalakwitsa powerengera", si ulemu chabe. Ine ndinakumbutsapo bambo ena ngongole imene anali atapereka kale, ndinali nditadumpha mzere m'kaundula. Chikhala kuti ndinawatchula dzina pagulu, bwenzi mpaka lero sitilankhulana.

Eya mayi, funsani. Akuti nanga amene alibe foni, kapena sadziwa kuwerenga? Pamenepo musatume mwana wawo kuti awawerengere, ngongole ya kholo isamveke pakamwa pa mwana. Pitani nokha awiri, inu ndi m'modzi wa osunga makiyi a bokosi, munene mawu omwewa pakamwa, ndipo mukawapeza ali ndi alendo, dikirani alendowo achoke. Komanso lembani m'Chichewa. Ambiri tinaphunzira kulemba m'Chipwitikizi kusukulu, dzanja limathamangira kumeneko, koma uthenga wa ndalama wa m'Chipwitikizi umamveka ngati kalata ya ku boma, munthu amayamba wachita mantha asanamve nkhani.

Bambo uko akufunsa za kutumiza ndalama pa foni, kudzera pa M-Pesa ndi e-Mola. Ngati gulu lanu linavomereza, onjezani mzere wonena nambala yotumizira ndiponso kuti ya kuchotsera ndalama kwa ajenti alipira ndi wotumizayo, apo ayi m'bokosi mulowa zoperewera. Ngati simunavomereze, musalole kuti munthu atumize pa nambala yanu mwamseri. Ndalama ya gulu iwerengedwe pamphasa anthu onse akuona.

Tumizani Lolemba, kuti munthu akhale ndi masiku atatu osakira, osati Lachitatu usiku. Kamodzi kokha n'kokwanira. Kwa gulu lonse mutha kungonena chiwerengero, kuti m'bokosi mukuperewera 900, popanda dzina la munthu.

Tsopano alembi, tulutsani makaundula anu. Aliyense asankhe munthu mmodzi wotsalira, dzina alibise ndi chala, alembe uthenga wake ndi manambala a gulu lake. Tiyamba kumvera gulu la ku Domwe, popeza ulendo wawo ndi wautali ndipo kumwambaku kwayamba kuda.